A ZRA awerenga ndalama zonse za ku banki ngati malonda: kalata yotsutsa ilembedwe bwanji?

Funso: Ndili ndi kampani yaing'ono ya hadiweya ku Kamwala, ndipo tinalembetsa VAT. A ZRA atachita oditi ya chaka cha 2023 anaphatikiza ndalama zonse zimene zinalowa m'maakaunti athu awiri a ku banki, zinakwana K3,860,000, n'kunena kuti zonsezo ndi za malonda. Ife pa fomu ya pachaka tinalemba K2,500,000. Tsopano akufuna msonkho wina wa K408,000 ndi chindapusa cha K238,000. Koma m'ndalamazo muli ngongole ya K450,000 ya ku banki, muli zanga zimene ndinaikamo zinthu zitathina, komanso zimene tinkasamutsa kuchoka mu akaunti ina kupita mu inzake. Kalata yawo ndi ya pa 3 Malichi. Nditsutse bwanji?
Mayi wa sitolo, Kamwala

Yankho: Mayi, yambani ndi kalendala musanagwire lisiti ngakhale limodzi. Ndime 108 ya Lamulo la Msonkho wa Ndalama Zopeza, Chaputala 323, imakupatsani masiku 30 oti mulembere Komishonala Wamkulu wa ZRA kuti mukutsutsa, ndi kufotokoza zifukwa zake. Kuti musachedwe, masikuwo awerengeni kuyambira pa deti la kalata ya asesimenti, ija yonena msonkho umene akufuna, osati tsiku limene munaiona pa TaxOnline kapena limene akauntanti anakuimbirani foni. Kuchokera pa 3 Malichi, tsiku la 30 ndi 2 Epulo, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ali momwemo. Komishonala ali ndi mphamvu yolandira kalata yochedwa, koma kumeneko ndi kufuna kwake, si ufulu wanu. Dziikireni nokha malire a sabata imodzi tsikulo lisanafike, chifukwa banki ikhoza kukuchedwetsani ndi mapepala akale, intaneti nayo imadziwa kuthawa tsiku lomaliza.

Musadalire zimene munakambirana pakamwa ndi ofisala amene anachita oditi. Akhoza kukhala kuti anakumvetsani, mwina anagwedeza mutu n'kunena kuti aona, koma lamulo limawerenga kalata yolembedwa yokha. Masiku 30 akatha popanda kalatayo, nambala ija imakhala ngongole yeniyeni pa TPIN ya kampani.

Tiyeni tione kaye mmene anafikira pa manambala awo, chifukwa simungagwetse nambala imene simudziwa mmene inamangidwira. Anachotsa K2,500,000 pa K3,860,000 n'kupeza K1,360,000, imene akuti munabisa kapena kuiwala. Msonkho wa makampani ndi 30 peresenti kuyambira mu 2022, ndiye 30 peresenti ya K1,360,000 ndi K408,000. Chindapusa cha K238,000 ndi 17.5 peresenti ya K1,360,000 yomweyo, mlingo umene ndime 100 imaika pa munthu amene walemba ndalama zochepa chifukwa chosasamala. Manambala onse awiri akuchokera pa gwero limodzi. Mukatsitsa K1,360,000, msonkho ndi chindapusa zimatsika pamodzi, choncho musataye mizere yambiri kudandaula za chindapusa pachokha. Ngati sanakupatseni ndandanda ya madipoziti amene anaphatikiza, alembereni lero kuti akupatseni, koma musadikire yankho lawo kuti muyambe ntchito.

Njira imene agwiritsa ntchito si yachilendo, ndipo lamulo silikuwaletsa. Ofisala akaona kuti mabuku sakugwirizana ndi banki, amatenga ndalama iliyonse yolowa ngati ya malonda mpaka mwini wake asonyeze kuti si choncho. Ntchito yosonyezayo ndi yanu. N'chifukwa chake kalata zonena kuti "msonkhowu wachuluka, bizinesi yathu ndi yaing'ono, zinthu zavuta, tikupempha muonenso" sizipita patali. Wowerenga kalatayo alibe chochotsa pa nambala yake, ngakhale atakumverani chisoni chotani. Kalata imene imagwira ntchito imachita zinthu zitatu pa ndalama iliyonse: imatchula kuti ndi zingati ndi tsiku limene zinalowa, imaloza pepala lotsimikizira, ndipo kumapeto imanena nambala yolondola imene inu mukuti ilowe m'malo mwa yawo.

Ntchito yaikulu ili pa masitetimenti. Tengani a maakaunti onse awiri, kuyambira 1 Januwale mpaka 31 Disembala 2023, odindidwa ndi banki, popanda tsamba losowa. Khalani pansi ndi akauntanti ndi zolembera za mitundu iwiri kapena itatu, mudutse mzere uliwonse wa ndalama zolowa. Pambali pa mzere lembani kuti ndi chiyani: malonda, ngongole, zosamutsa, za mwini kampani, cheke chobwezedwa. Kenako phatikizani zonse muone ngati zikukwana K3,860,000 ndendende. Zikapanda kukwana, pezani chifukwa chake choyamba, poti nthawi zina ofisala amalowetsamo mwezi wa Januwale 2024 kapena kuwerenga tsamba limodzi kawiri, ndipo chimenecho pachokha ndi chifukwa chotsutsira.

Mwatipatsa nambala ya ngongole yokha, choncho pa zinazo ndiika manambala a chitsanzo kuti muone kayendedwe kake. Inu mudzaika anu enieni.

Ngongole ya K450,000 ndiyo yosavuta. Ndalama yobwereka si phindu, idzabwezedwa. Umboni wake ndi mgwirizano wa ngongole umene munasaina, mzere wa pa sitetimenti wosonyeza tsiku limene ndalamazo zinalowa, ndi ndondomeko ya kabwezedwe imene ikuoneka mwezi ndi mwezi pa sitetimenti yomweyo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mabanki ena amadula ndalama yoyendetsera ngongole asanaike zotsalazo mu akaunti. Ngati mgwirizano ukuti K450,000 koma zimene zinalowa ndi K441,000, chotsani K441,000, chifukwa ndi zokhazo zimene zili m'kati mwa K3,860,000. Mukachotsa zambiri kuposa zimene zinalowa, ofisala adzaona msanga, ndipo adzayamba kukayikira mizere ina yonse. M'chitsanzo chathu tinene kuti zinalowa zonse.

Zosamutsa pakati pa maakaunti anu ndi ndalama imodzi yowerengedwa kawiri. Kasitomala analipira mu akaunti yoyamba, zinawerengedwa. Munazisamutsira mu yachiwiri kuti mulipire simenti, zinawerengedwanso. Pano umboni ndi mizere iwiri yoyenderana: K30,000 yatuluka uku pa 14 Meyi, K30,000 yalowa uko tsiku lomwelo kapena mawa lake. Pangani tebulo la mizati isanu, ya tsiku lotuluka, tsamba la sitetimenti, tsiku lolowa, tsamba lake, ndi ndalama. Vuto limabwera pamene munatapa kashi ku banki ina n'kuyenda nayo kukaika ku inzake, makamaka ngati munapatulako pang'ono pa njira. K50,000 yatuluka Lachiwiri, K46,500 yalowa Lachitatu. Zoterezi zilembeni padera, muike silipi yotapira ndi silipi ya dipoziti, ndipo muchotse K46,500 yokha. Tinene kuti zosamutsa zonse zakwana K230,000.

Pa ndalama zanu zimene munaika mu kampani ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa apa ndi pamene milandu yambiri yotere imaterereka. Kampani ndi munthu payekha pamaso pa lamulo, inu ndinu wina. Mukaikamo ndalama zanu, kampani yakongola kwa inu, ndipo zimenezi ziyenera kuoneka m'mabuku pa akaunti ya dairekitala. Koma kulemba m'buku kokha sikukwanira, poti aliyense angathe kulemba malonda a kashi n'kuwatcha "ndalama za amayi". Ofisala adzafunsa funso limodzi: ndalamazo inu munazitenga kuti?

Tinene kuti munaikamo K150,000 m'chaka chonse. K100,000 inachokera pa galimoto yanu imene munagulitsa. Muli ndi kalata ya malondawo, mapepala a ku RTSA osonyeza kuti umwini unasintha, ndi sitetimenti ya akaunti yanuyanu yosonyeza kuti wogula analipira pa 6 Ogasiti, inu n'kutumiza ku kampani pa 8 Ogasiti. Imeneyo ndi njira yooneka kuchokera ku gwero mpaka ku akaunti ya kampani, ndipo palibe angaikane. K50,000 inayo munalandira ku chilimba, pamanja, n'kukaiika ku banki pamodzi ndi ndalama za malonda a tsikulo pa silipi imodzi. Ngati gulu lanu lili ndi kope lolembamo zopereka ndi zolandira, lokhala ndi masaini, kapena mauthenga a pafoni osonyeza kutumizirana ndalama, pemphani kopi muikepo. Ngati palibe chilichonse, malangizo anga ndi akuti muisiye. Ndikudziwa kuti zimawawa kulipira msonkho pa ndalama imene mukudziwa mumtima kuti si ya malonda. Komabe mzere umodzi wopanda umboni umafooketsa mizere inayi yolimba. Ndalama ya kaloba imagwera m'gulu lomweli.

Ndipo chonde, musalole munthu kukulemberani mgwirizano lero n'kuikapo deti la 2023. Ndime 100 yomwe ija imene ikukulipiritsani 17.5 peresenti pa kusasamala imafika 35 peresenti pa kuchita dala, ndi 52.5 peresenti pa chinyengo. Pepala limodzi labodza likhoza kusandutsa nkhani ya mabuku osalongosoka kukhala mlandu. Ngati panalibe pepala nthawi imeneyo, munthu amene anakupatsani ndalama akhoza kulemba kalata ya deti la lero yofotokoza zimene zinachitika. Mphamvu yake ndi yochepa, koma ndi yoona.

Macheke obwezedwa ndi nkhani yaifupi. Cheke cha K40,000 cha kontilakita chinalowa, banki inachibweza, iye analipiranso patapita sabata. Kumbali ya zolowa zikuoneka K80,000 pamene malonda ndi a K40,000. Lozani mizere itatuyo, wolowa, wobweza ndi wolowanso.

Kenako pali ngongole za makasitomala, zimene ambiri amaiwala. Kampani imalemba malonda pa tsiku la invoisi, osati tsiku limene ndalama yafika. Amene anatenga malata mu Novembala 2022 n'kulipira mu Febuluwale 2023 anabweretsa ndalama imene msonkho wake unawerengedwa kale mu 2022. Imeneyo ichoke. Koma mpeniwu ndi wakuthwa konsekonse: amene anatenga katundu mu Disembala 2023 n'kulipira mu 2024 sakuoneka pa sitetimenti ya 2023, pamene malondawo ndi a 2023. Amenewo muyenera kuwaonjezera nokha. Ngati makasitomala anali ndi ngongole ya K90,000 poyamba chaka ndi K66,000 pothera chaka, chochotsa chenicheni ndi K24,000. Mukachotsa K90,000 n'kukhala chete pa K66,000, ofisala wodziwa ntchito adzatsegula mabuku anu a pachaka n'kuipeza pa tsamba loyamba. Umboni wake ndi ndandanda ya okongola ya pa 31 Disembala 2022 ndi ya pa 31 Disembala 2023, yogwirizana ndi mabuku amene munapereka kale.

Tsopano chinthu chimene simunatchule m'funso lanu, chomwe ndi chachikulu pafupifupi ngati ngongole ija. Kampani yanu inalembetsa VAT. Kasitomala akalipira K1,160 pa kauntala, yanu ndi K1,000, ndipo K160 mwangosungira boma. Ndalama zolowa ku banki zili ndi VAT m'kati, pamene K2,500,000 ya pa fomu yanu iyenera kukhala yopanda VAT. Kuyerekeza ziwirizi mwachindunji n'kulakwitsa, ndipo kukukulipiritsani msonkho wa 30 peresenti pa ndalama imene munapereka kale ku ZRA komweko mwezi ndi mwezi. Mukachotsa zonse zimene si za malonda, zotsala m'chitsanzo chathu ndi K3,016,000. Kuti muchotse VAT ya 16 peresenti, gawani ndi 1.16:

```
3,016,000 / 1.16 = 2,600,000
```

VAT yake ndi K416,000. Musachotse 16 peresenti pa nambala yonseyo, chifukwa mudzapeza K2,533,440, yomwe ndi yolakwika, popeza 16 peresenti imawerengedwa pa mtengo usanaikidwe VAT. Komanso onetsetsani kuti mwayamba mwachotsa ngongole ndi zosamutsa musanagawe, poti mu ngongole mulibe VAT. Ngati mumagulitsanso katundu amene salipiritsidwa VAT, ndalama zake zipatuleni, musazigawe ndi 1.16.

Umboni wabwino kwambiri pa mfundo imeneyi uli kale m'kompyuta ya ZRA: mafomu anu 12 a VAT a 2023. Asindikizeni kuchokera pa TaxOnline, muwaphatikize. Ngati malonda ake akukwana K2,500,000 ndipo VAT ya pa malondawo ikukwana K400,000, ndiye kuti K2,900,000 ya madipoziti yafotokozedwa ndi mapepala amene iwo analandira kalekale. Ngati mafomu a VAT akusiyana ndi fomu ya pachaka, dziwani kusiyanako musanatumize kalata, ndipo mukufotokoze nokha iwo asanakufunseni.

Nambala imene tafikapo ndi K2,600,000, pamene inu munalemba K2,500,000. Patsala K100,000, kapena K116,000 tikaphatikiza VAT, imene ilibe pepala. M'kati mwake muli K50,000 ya chilimba ija, ndipo zinazo mwina ndi malonda a kashi amene sanalowe m'buku tsiku lotanganidwa. Apa ambiri amafuna kukana zonse, akuganiza kuti kuvomera pang'ono n'kudzipereka. Ine ndimaona mosiyana. Kalata yonena kuti "pa K1,360,000 tikutsutsa K1,260,000 ndi umboni uwu, ndipo K100,000 tikuivomera" imapatsa wowerenga nambala yoti asainire. Imasonyezanso kuti vuto linali kusalongosoka kwa mabuku, osati kubisa, zomwe zimathandiza kuti chindapusa chikhale pa mlingo wotsika. Msonkho wa K100,000 ndi K30,000, chindapusa chake pa 17.5 peresenti ndi K17,500. Kuchoka pa K646,000 kufika pa K47,500, chiwongoladzanja chisanaikidwe.

Dziwani zinthu ziwiri musanavomere. Choyamba, K100,000 yonseyo itengedwa ngati phindu, chifukwa mtengo wogulira katunduyo munauchotsa kale m'mabuku. Mungapemphe kuchotserapo mtengo wogulira pokhapokha muli ndi mainvoisi a katundu amene sanalowe m'mabuku. Chachiwiri, mukavomera malonda ena a K100,000, mwavomeranso VAT yake ya K16,000. Ikonzekereni. Ndipo ngati oditi yomweyi inatulutsanso asesimenti ya VAT, imeneyo ili pansi pa lamulo lina, Chaputala 331, ndipo ikufuna kalata yakeyake. Musaganize kuti kalata imodzi yatseka zonse ziwiri.

Tsopano kalata yeniyeniyo. Idzalembedwa m'Chingelezi, pa pepala la kampani, kupita kwa Komishonala Wamkulu kudzera ku ofesi imene inatulutsa asesimenti. Pamwamba pakhale dzina la kampani monga lilili ku PACRA, TPIN, mtundu wa msonkho, chaka cha 2023, nambala ya asesimenti ndi deti lake. Chiganizo choyamba chinene mosazungulira kuti kampani ikutsutsa asesimenti imeneyi pansi pa ndime 108. Mawu oti "kutsutsa" aonekere, chifukwa kalata yopempha kukumana kapena yopempha chifundo ikhoza kusungidwa ngati kalata wamba, masiku n'kumapita. Pambuyo pake pabwere chidule cha manambala pa tsamba loyamba lomwelo, motere:

Madipoziti onse monga mwa ZRA: K3,860,000
Kuchotsa ngongole ya ku banki, umboni A: K450,000
Kuchotsa zosamutsa pakati pa maakaunti, umboni B: K230,000
Kuchotsa ndalama za dairekitala, umboni C: K100,000
Kuchotsa cheke chowerengedwa kawiri, umboni D: K40,000
Kuchotsa kusiyana kwa ngongole za makasitomala, umboni E: K24,000
Zotsala, VAT ili m'kati: K3,016,000
Kuchotsa VAT, umboni F: K416,000
Malonda olondola: K2,600,000
Malonda a pa fomu: K2,500,000
Kusiyana kumene tikuvomera: K100,000

Mzere uliwonse ukhale ndi ndime yake yaifupi pansipa, yokhala ndi nambala. Mwachitsanzo, ya ngongole inganene kuti: pa tsiku lakuti, K450,000 inalowa mu akaunti yakuti, tsamba 7 la sitetimenti, mzere wodindidwa chikasu, ndalamayi ndi ngongole monga mwa mgwirizano umene uli pa umboni A, si ya malonda, choncho ichotsedwe. Basi. Musalembe mbiri ya mmene munayambira bizinesi, musanyoze ofisala, musatchule kuti anzanu a mu msewu womwewo salipira. Ndime yomaliza inene chimene mukupempha m'manambala: asesimenti isinthidwe kuti ndalama yoonjezera ikhale K100,000, msonkho K30,000, chindapusa chiwerengedwenso pa nambala imeneyo, chiwongoladzanja nachonso chitsatire. Asaine ndi dairekitala, kapena akauntanti amene mwamupatsa chilolezo cholembedwa. Ngati mukulemba ntchito akauntanti wapadera pa nkhaniyi, funsani ngati ndi wolembetsedwa ku ZICA, bungwe loyang'anira maakauntanti.

Ikani zifukwa zanu zonse m'kalata imeneyi, ngakhale zimene pepala lake likubwerabe. Ngati banki sinakupatseni kopi ya mgwirizano pofika tsiku lanu, tumizani kalatayo ndi nambala yake, munene kuti umboni A ubwera pofika tsiku lakuti, ndipo muike kopi ya kalata imene munalembera banki. Kuchedwa kwa pepala limodzi kusakudyereni ufulu wonse.

Kasanjidwe ka umboni si nkhani yaing'ono. Munthu amene adzawerenge fayilo yanu ali ndi ena ambiri pa tebulo, ndipo mwina si amene anabwera ku sitolo. Mukamupatsa katoni ya malisiti osakanikirana, sadzakusankhirani. Mangani mapepala m'fayilo imodzi, chigawo chilichonse chikhale ndi chilembo chake kuyambira A mpaka F, masamba onse akhale ndi manambala, ndipo mzere umene mukunena uoneke ndi mtundu. Perekani makopi, mapepala enieni asachoke m'manja mwanu. Malisiti a pa makina aja amafufutika akakhalitsa, makamaka m'kabati yotentha ya mu sitolo, choncho ajambuleni lero akadaoneka. Lamulo limafuna kuti mabuku ndi mapepala a bizinesi asungidwe zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye kunena kuti a 2023 anatayika sikungakuthandizeni.

Potumiza, chofunika ndi umboni wa deti. Mukapereka pamanja ku ofesi ya ZRA, tengani makopi awiri, imodzi aidinde ndi deti mubwerere nayo. Mukatumiza pa intaneti, sungani uthenga wosonyeza kuti yalandiridwa. Kalata imene munasiyira munthu pa khonde popanda chidindo ili ngati sinalembedwe.

Nkhani ya kulipira ndiyo imadzidzimutsa ambiri. Kutsutsa pakokha sikuimitsa ngongole ya msonkho. Msonkho wochedwa umakwera ndi chindapusa cha 5 peresenti mwezi uliwonse, ndi chiwongoladzanja chimene chimaposa mlingo wa Banki ya Zambia ndi 2 peresenti. ZRA ilinso ndi mphamvu, pansi pa ndime 84, yolamula banki yanu kapena munthu amene ali nanu ngongole kuti apereke ndalamazo kwa iwo mwachindunji. Kwa sitolo imene imadalira kuzungulitsa ndalama sabata ndi sabata, kupeza akaunti yakokedwa m'mawa wa tsiku lolipira simenti ndi ngozi yaikulu kuposa asesimenti yeniyeniyo. Choncho chitani ziwiri. Lipirani K30,000 imene mukuvomera musanatumize kalata kapena tsiku lomwelo, pa chaka cha 2023 ndi pa mtundu woyenera wa msonkho, muike lisiti lake m'fayilo. Kenako m'kalatamo pemphani momveka kuti ayambe aimitsa kutolera zotsalazo mpaka chigamulo chituluke. Kuvomera pempholo kuli kwa iwo, ndiye mufunse yankho lolembedwa. Ngati ngakhale yovomerayo simungaikwanitse nthawi imodzi, pemphani mgwirizano wolipira pang'onopang'ono, ndipo mukausaina musaphonye mwezi.

Mukatumiza, yembekezerani mafunso. Akhoza kupempha sitetimenti yanuyanu ya miyezi ingapo, kapena kufunsa chifukwa chake kasitomala wina analipira mu dzina losiyana ndi la pa invoisi. Akhozanso kufunsa za kashi imene munkalipirira mayendedwe ndi aganyu isanafike ku banki, poti njira yowerengera madipoziti siiona ndalama imeneyo. Ngati inalembedwa m'buku la malonda, nenani choncho ndipo musonyeze, podziwa kuti ikweza nambala ya malonda olondola ndi ndalama yomweyo. Ndi bwino akauntanti aiwerengeretu musanatumize kalata. Yankhani molemba ndi mwachangu. Mukakumana nawo, tsiku lomwelo lembani kalata yaifupi yonena zimene mwagwirizana ndi zimene zatsala. Pakadutsa milungu ingapo kuli zii, akumbutseni molemba, mutchule deti la chidindo chija.

Chigamulo cha Komishonala chimabwera cholembedwa. Akhoza kuvomera zonse, kuvomera zina, kapena kukana. Akavomera, musakhutire ndi kalata yokha: lowani pa TaxOnline muone ngati nambala ya pa akaunti ya kampani yasinthadi, chifukwa ngongole yakale ikatsalira pamenepo idzakutsekerezani satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, imene makontilakita ndi maofesi a boma amafuna asanagule kwa inu. Akakana, kapena akavomera ngongole ya ku banki yokha n'kusiya VAT, muli ndi masiku enanso 30 kuchokera pa chigamulocho oti mukachite apilo ku bwalo lomva apilo za misonkho, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 ndipo silili pansi pa ZRA. Kumeneko ndi bwino kupita ndi loya kapena akauntanti wozolowera milandu ya misonkho. Yerekezani kaye ndalama imene yatsala pa mkangano ndi imene mudzawononge pa mlanduwo: pa K416,000 ya VAT, imene msonkho wake ndi K124,800, apilo ndi yoyenera, pamene pa K24,000 ya ngongole za makasitomala, imene msonkho wake ndi K7,200, mwina ayi. Fayilo yomwe mukumanga sabata ino, ya A mpaka F, ndi yomwe mudzanyamule kupita nayo kumeneko, choncho pangani makopi atatu.